Nambala wani watsika, wakumchira wakwera: kodi ndi chikoti chagwira ntchito?

Zotsatira za mayeso a teremu yachiwiri zikatuluka, m'chipinda cha aphunzitsi mumamveka nkhani ziwiri zimene sizisowa chaka chilichonse. Yoyamba ndi ya mwana amene anali nambala wani teremu yoyamba. Anamuombera m'manja sukulu yonse ikuona, anamupatsa makope ndi zolembera, koma lero wapezeka pa nambala 6. Aphunzitsi amati wayamba kudzimva, tinamutama mopitirira. Kunyumba bambo amati wayamba zibwenzi, ndipo sipalephera kupezeka azakhali onong'ona kuti alipo wamuchitira nsanje n'kumulodza.

Yachiwiri ndi ya mwana amene anali kumchira. Anakalipiridwa, anapatsidwa chibalo, mwinanso kunyumba analawa chikoti. Teremu ino wakwera ndi malikisi angapo, wasiya anzake khumi kumbuyo. Apa aliyense amagwedeza mutu movomereza: mwaona, mwana amafuna kumuumitsa dzanja.

Pa nkhani ziwirizi anthu amatolapo phunziro limodzi, lakuti kuyamika mwana kumamuononga, pamene kumukalipira kumamukonza. Phunziroli ndi lolakwika, ndipo lalizitsa ana ambiri popanda chifukwa. Zimene aphunzitsi aonazo ndi zoona: apamwamba atsikadi, apansi akweradi. Cholakwika ndi chifukwa chimene apereka. Kutsika ndi kukwera kumeneku kukanachitika ndithu ngakhale pakanapanda woyamika, wokalipa, chibwenzi kapena mfiti. Akatswiri a ziwerengero anakuzindikira kalekale. Amati gulu lililonse limene mwalisankha chifukwa lachita bwino kwambiri, kapena moipa kwambiri, pa mayeso amodzi, pa mayeso otsatira limabwerera chapakati, kuyandikira avereji ya kalasi.

Zimene zili m'kati mwa malikisi

Tikaona 72 pa pepala la mwana timati awa ndi malikisi ake, ngati kuti nambalayo yayeza zonse zimene zili m'mutu mwake. Koma nambalayo ili ndi zinthu ziwiri zosakanizana. Choyamba ndi zimene mwanayo akudziwadi, zimene tingazitche mlingo wake weniweni. Mlingowu susintha msanga. Mwana sangaiwale masamu onse m'miyezi itatu, komanso sangawadziwe onse m'miyezi itatu. Chachiwiri ndi zogwa tsikulo.

Zogwa tsikulo n'zambiri kuposa m'mene timaganizira. Silabasi ili ndi mitu yambirimbiri, koma pepala la maola awiri limangofunsa yochepa. Mwana amene anawerenga kwambiri za tizigawo ta nambala, n'kupeza kuti mafunso atatu achokera pomwepo, wachita mphumi. Mnzake wodziwa mofanana naye, amene anataya usiku wake pa mutu umene sunabwere, wagwa nazo. Pa mafunso osankha yankho limodzi mwa anayi, mwana akangolota mayankho a mafunso 8 amene sakuwadziwa, kawirikawiri amalasa awiri, koma tsiku lina alasa anayi, tsiku lina osalasa ngakhale limodzi. Wina walemba malungo akumuyamba. Wina wagona ndi njala, wina wachezera pamaliro. Chimangirizo chomwecho mphunzitsi wina angachipatse 14, wina 11, ndipo ngakhale mphunzitsi mmodzi yemweyo sachonga mofanana pepala loyamba m'mawa ndi pepala la nambala 80 usiku.

Zonsezi tizitche mwayi ndi tsoka. Chofunika kuchigwira n'chakuti mlingo wa mwana umamutsatira ku mayeso otsatira, koma mwayi wa tsiku lija sumutsatira. Teremu ikubwerayo mwayi umagawidwa mwatsopano, osayang'ana amene anaulandira kale.

Kalasi ya ana 80

Tiyeni tipange kalasi yongoyerekeza, manambala ake tiwasankhe osavuta kuti aliyense athe kuwerengera yekha. Muli ana 80. Tinene kuti ife, mosiyana ndi mphunzitsi wawo, tikudziwa mlingo weniweni wa mwana aliyense. Ana 20 ndi a mlingo wa malikisi 60, ana 40 ndi a mlingo wa 50, ndipo ana 20 ndi a mlingo wa 40. Avereji ya kalasi ndi 50.

Tsiku la mayeso, mwa ana anayi alionse mmodzi amachita mwayi n'kuonjezera malikisi 10, mmodzi amachita tsoka n'kutaya malikisi 10, ndipo awiri amapeza zolingana ndi mlingo wawo. Tione zotuluka.

Mwa ana 20 a mlingo wa 60 aja, asanu apeza 70, khumi apeza 60, asanu apeza 50. Mwa ana 40 a pakati, khumi apeza 60, ana 20 apeza 50, khumi apeza 40. Mwa ana 20 a mlingo wa 40, asanu apeza 50, khumi apeza 40, asanu apeza 30.

Tsopano mphunzitsi akulemba mndandanda. Akutenga onse amene apeza 60 kapena kuposerapo, nawatcha gulu la anzeru. Alipo 25: asanu a 70 ndi 20 a 60. Avereji ya gululi ndi 62. Koma ife tikudziwa chimene mphunzitsi sakuchidziwa. Mwa ana 20 amene apeza 60, khumi okha ndiwo a mlingo wa 60. Khumi enawo ndi ana a pakati amene tsikulo linawakomera. Ndipo asanu amene apeza 70 aja palibe ngakhale mmodzi wa mlingo wa 70, onse ndi a 60 amene anachita mwayi. Choncho m'gulu la anzeruli ana 15 mwa 25 anathandizidwa ndi mwayi, ndipo mulibe ngakhale mmodzi amene anachita tsoka. Ana anzeru asanu amene anachita tsoka anapeza 50, ali m'gulu la pakati, mphunzitsi sanawaone n'komwe.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. M'kalasi yonse mwayi ndi tsoka zimafafanizana, koma m'gulu losankhidwa kuchokera pamwamba sizifafanizana, chifukwa kusankhako kwasonkhanitsa amwayi malo amodzi. Mphunzitsi amafuna kusankha nzeru zokha, koma nambala imene anagwiritsa ntchito sinalekanitse nzeru ndi mwayi.

Mlingo weniweni wa gululi ndi wotani? Ana 15 a mlingo wa 60 ndi ana 10 a mlingo wa 50 avereji yawo ndi 56. Teremu yotsatira, palibe waiwala kanthu, palibe waphunzira choonjezera kuposa anzake, palibe watamidwa kapena kukalipiridwa. Mwayi wagawidwa mwatsopano, ena m'gululi wawagwera, ena tsoka lawagwera, zafafanizana. Avereji ya gulu la anzeru yachoka pa 62 kufika pa 56. Atsika ndi malikisi 6 popanda cholakwa chilichonse.

Kumchira zinthu zili chimodzimodzi, kungotembenuza. Amene anapeza 40 kapena kucheperapo aliponso 25, avereji yawo ndi 38. Khumi mwa iwo ndi ana a pakati amene anachita tsoka, ndipo asanu amene anapeza 30 ndi a mlingo wa 40 amene tsiku linawaipira. Mlingo wawo weniweni ndi 44, ndipo ndi pamene avereji yawo ikafike teremu yotsatira. Akwera ndi malikisi 6. Ngati mphunzitsi anawapatsa chibalo, chibalo chitamandidwa. Ngati anawapempherera, pemphero litamandidwa. Ngati anawagulitsa kabuku ka mafunso akale, kabukuko kagulidwa ndi sukulu yonse.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amasokoneza akamva zimenezi koyamba. China n'choganiza kuti apamwamba ndi apansi asinthana malo. Ayi. Gulu lapamwamba lili pa 56, lapansi lili pa 44, kusiyana kulipobe ndipo ndi kwenikweni. Mayeso oyamba aja sananame, anangokokomeza. China n'choganiza kuti mayeso akachuluka ana onse adzathera pa 50, anzeru ndi ofooka n'kufanana. Izinso ayi. Pa mayeso achiwiri padzakhalanso asanu opeza 70 ndi asanu opeza 30, monga poyamba. Kungoti maina adzasintha. Mwa asanu oyamba aja, mmodzi kapena awiri ndiwo angabwererenso pa 70. Malo otsalawo adzatengedwa ndi anzawo a mlingo wa 60 amene poyamba mwayi unawadutsa.

Ndipo pali njira yokongola yotsimikizira kuti kutsikaku sikuchokera ku ulesi kapena kudzimva. Tengani ana 25 amene achita bwino kwambiri pa mayeso achiwiri, muyang'ane m'mbuyo zimene anapeza pa mayeso oyamba. Mupeza kuti avereji yawo ya lero ndi 62, koma ya teremu yatha inali 56. Kubwerera chapakati kumaoneka ngakhale mukayenda chobwerera m'mbuyo. Kudzimva kwa lero sikungatsitse malikisi a miyezi itatu yapitayo. Mphunzitsi aliyense amene ali ndi buku la malikisi a materemu awiri angayese zimenezi madzulo amodzi, ndipo ndikanakonda ambiri akanayesa.

Kubwererako kumakula bwanji? Zimatengera kuchuluka kwa mwayi m'mayesowo. M'kalasi yathuyi tinapanga kuti mwayi ukhale ndi mphamvu yofanana ndi kusiyana kwa nzeru za ana, n'chifukwa chake gulu linabwerera theka la mtunda: linali malikisi 12 pamwamba pa avereji, latsala 6. Mayeso aatali, a mapepala angapo, ochongedwa mosamala, amachepetsa gawo la mwayi, ndipo kubwerera kumachepa. Kamayeso ka mafunso khumi ka Lachisanu kali ndi mwayi wambiri, kubwerera kwake n'kwakukulu. Mayeso akanakhala ongolota okhaokha, monga kuponya ndalama m'mwamba, gulu lapamwamba likanabwerera mpaka pa avereji penipeni. Mayeso opanda mwayi ngakhale pang'ono ndi okhawo amene sakanakhala ndi kubwerera, ndipo mayeso otero kulibe.

Anayamba kuziona pa msinkhu wa anthu

Munthu amene anafotokoza zimenezi koyamba sankayang'ana za sukulu. Anali Francis Galton wa ku England, msuweni wa Charles Darwin, amene ankafufuza m'mene ana amatengera makolo awo. Anayamba ndi mbewu za mtundu wa nsawawa, naona kuti mbewu zikuluzikulu zimabala zazikulu ndithu, koma zosafika pa kukula kwa makolo ake. Mu 1886 anafalitsa zimene anapeza atayerekeza msinkhu wa ana akuluakulu 928 ndi wa makolo awo, mabanja 205. Makolo aatali kwambiri anali ndi ana aatali, koma osafika pa iwo. Makolo aafupi kwambiri anali ndi ana aafupi, koma otalikirapo kuposa iwo. Mwachidule, makolo akaposa avereji ndi mainchesi atatu, ana awo ankaiposa ndi mainchesi pafupifupi awiri.

Poyamba zinkaoneka ngati m'chilengedwe muli mphamvu ina yokokera mbadwo uliwonse pakati. Koma Galton anazindikira kuti zimagwiranso ntchito chobwerera m'mbuyo: ana aatali kwambiri, makolo awo anali aatali koma osafika pa anawo. Mwana sangafupikitse bambo ake. Choncho panalibe mphamvu yokoka. Chinalipo n'chakuti msinkhu wa kholo ndi wa mwana umagwirizana, koma osati kotheratu, ndipo paliponse pamene miyeso iwiri imagwirizana mosakwanira, wopambana pa muyeso umodzi amakhala pafupi ndi pakati pa muyeso winawo. Mayeso a teremu yoyamba ndi a teremu yachiwiri ndi miyeso iwiri yotero.

Mlangizi amene ankakalipira ophunzira kuuluka

Nkhani imene imafanana kwambiri ndi ya m'chipinda cha aphunzitsi ija inamuchitikira Daniel Kahneman, katswiri wa kaganizidwe ka anthu amene analandira mphoto ya Nobel mu 2002. Iye anaifotokoza m'buku lake la mu 2011. Ali wachinyamata ankaphunzitsa alangizi a asilikali oyendetsa ndege za nkhondo ku Israel, ndipo anawauza kuti pophunzitsa munthu luso, kumuyamika akachita bwino kumathandiza kuposa kumulanga akalakwitsa. Mlangizi wina wodziwa ntchito anamutsutsa pamaso pa anzake. Anati iye waona kambirimbiri kuti wophunzira akayendetsa ndege mwaluso n'kumuyamika, ulendo wotsatira amachita mocheperapo, koma akalakwitsa kwambiri n'kumukalipira, ulendo wotsatira amachita bwinoko.

Mlangiziyo sankanama. Koma ankayamika liti? Pokhapokha wophunzira akachita bwino kuposa masiku onse. Nanga ankakalipa liti? Pokhapokha akachita moipa kuposa masiku onse. Tsiku loposa masiku onse limatsatidwa ndi tsiku wamba, kaya pakhale chiyamiko kaya ayi. Kahneman sanakangane naye. Anajambula chizindikiro pansi ndi choko, nauza alangiziwo kuti achifulatire, aliyense aponye ndalama yachitsulo kawiri osayang'ana. Atayeza mitunda, anapeza kuti ambiri amene analasa pafupi poyamba anaphonya patali kachiwiri, ndipo ambiri amene anaphonya patali poyamba anayandikira kachiwiri. Palibe anatamidwa, palibe anakalipiridwa.

Chimene chimandipweteka pa nkhaniyi ndi ichi. Mphunzitsi kapena kholo lotere silichita zinthu mwankhanza chabe. Limatsatira zimene maso ake aona, ndipo maso ake aona zomwezo kwa zaka zambiri. Likayamika, zinthu zimaoneka ngati zaipa. Likakwapula, zinthu zimaoneka ngati zakonzeka. Chaka chilichonse chimalionjezera umboni wabodza, mpaka limafika ponena kuti ine ndaphunzitsa zaka 20, musandiuze za ana. Zaka zambiri pa ntchito sizichotsa cholakwika chimenechi, zimachilimbitsa. Ndipo wolipira ndi mwana amene analemba mayeso mutu ukumuwawa, nakwapulidwa, kenako n'kumva kuti chikoticho ndicho chamupulumutsa.

Pamene ndalama zalowapo

Cholakwika chomwechi chimakwera kuchoka m'kalasi kufika ku maofesi kumene amagawa ndalama. Sukulu ikafuna kuyambitsa makalasi apadera a masana, imasankha ndani? Ana akumchira. Bungwe likafuna kuthandiza masukulu, limasankha ati? Amene sanachite bwino chaka chatha. Kusankha kotero n'koyenera, thandizo lipite kumene kuli vuto. Koma zikutanthauza kuti gulu lothandizidwalo likanakwera ndithu ngakhale popanda thandizo. M'kalasi yathu ija, ana 25 akumchira akaikidwa m'kalasi yapadera n'kuchoka pa 38 kufika pa 44, kalasi yapaderayo sinachite kanthu. Ikawafikitsa pa 47, ntchito yake ndi malikisi 3, osati 9. Lipoti lambiri limalemba 9.

Dziko la Chile linakumana ndi zimenezi. Mu 1990 boma linayambitsa ndondomeko yothandiza masukulu a pulayimale pafupifupi 900 amene ana ake anapeza malikisi otsika pa mayeso a boma a mu 1988. Masukuluwo anakonzedwa, analandira mabuku ndi zipangizo, aphunzitsi anaphunzitsidwa, ana otsalira anapatsidwa makalasi oonjezera. Patapita zaka zochepa malikisi a masukuluwo anakwera kwambiri poyerekeza ndi a masukulu ena, ndipo ndondomekoyo inatchuka. Mu 2005 ofufuza atatu, Kenneth Chay, Patrick McEwan ndi Miguel Urquiola, anawerengeranso. Anazindikira kuti masukulu ambiri analowa m'gululo chifukwa 1988 chinali chaka chawo cha tsoka. Kuti alekanitse tsoka ndi thandizo, anayerekeza masukulu amene anali pansi pang'ono pa malire osankhira ndi amene anali pamwamba pang'ono pa malirewo. Masukulu awiri otere ndi ofanana pafupifupi m'zonse, ndipo kubwerera chapakati kumawakhudza mofanana, koma ina inalandira thandizo, ina ayi. Anapeza kuti ndondomekoyo inathandizadi, koma phindu lake lenileni linali theka, kapena kucheperapo, la limene linkaoneka poyamba.

Kuno kwathu, zotsatira za MANEB zikatuluka, timamva za masukulu amene akhozetsa ana onse ndi amene sanakhozetse ngakhale mmodzi. Muziyang'ana kukula kwa masukulu amenewo. Pa sukulu ya olemba mayeso 20, mwana mmodzi ndi 5 peresenti. Ana atatu akadwala sabata ya mayeso, sukulu yatsika ndi 15 peresenti. Pa sukulu ya olemba 200, ana atatu omwewo ndi 1.5 peresenti yokha. N'chifukwa chake masukulu aang'ono amadumphadumpha kwambiri pa mndandanda, chaka chino pamwamba, chaka chamawa pakati. Mphunzitsi wamkulu amene watumizidwa ku sukulu yaing'ono itangochita moipa kwambiri ali ndi mwayi waukulu wotchedwa ngwazi chaka chotsatira. Amene walandira sukulu itangochita bwino kwambiri ali pangozi yothamangitsidwa ndi makolo. Onse awiri akhoza kukhala ogwira ntchito mofanana.

Nanga kutsika kwenikweni tingakudziwe bwanji?

Sindikunena kuti mwana aliyense wotsika wangotayidwa ndi mwayi. Alipo ana amene amasiyadi kuwerenga. Alipo amene kunyumba kwagwa mavuto, amene maso ayamba kuwavuta, amene akuzunzidwa ndipo sakunena. Kukhala chete n'kumati ndi za manambala chabe kungakhale kulakwa kwinanso. Kubwerera chapakati kumanena za avereji ya gulu, sikunena za tsogolo la mwana mmodzi. M'gulu la 25 lija alipo amene akwere, ngakhale gulu lonse likutsika.

Choyamba kuyang'ana ndi mbiri ya mwanayo, osati mayeso awiri okha. Mwana amene wakhala akupeza 58, 61, 57, kenako 74, n'kubwera pa 60, sanatsike. Wabwerera kwawo. Chachilendo chinali 74, ndipo tinalakwa ndife amene tinaitenga 74 ngati mlingo wake. Koma mwana amene wakhala pa 72, 75, 70, kenako 60, kenako 52, uyo ndi wofunika kukhala naye pansi lero lomwe. Kubwerera chapakati kumachitika kamodzi, kuchoka pa nambala yachilendo kupita pa nambala ya masiku onse. Sikupitirira kutsitsa munthu teremu ndi teremu, ndipo sikumugwetsa kupyola mlingo wake.

Muyang'anenso malikisi, osati nambala ya pa mndandanda yokha. Pamwamba pa kalasi ana amakhala othinana. Kusiyana kwa nambala wani ndi nambala 6 kukhoza kukhala malikisi ochepa kwambiri pa maphunziro onse pamodzi, funso limodzi kapena awiri. Ndipo muyerekeze ndi kalasi yonse. Ngati avereji ya kalasi yatsika kuchoka pa 50 kufika pa 42, ndiye kuti pepala linali lovuta kapena mutu wina sunaphunzitsidwe bwino. Imeneyo ndi nkhani ina, chifukwa kubwerera chapakati sikusuntha avereji ya kalasi yonse: zimene apamwamba ataya, apansi apeza.

Kwa amene akufuna kudziwa ngati njira yatsopano yophunzitsira ikugwira ntchito, mankhwala ake ndi gulu lofananitsira. Ngati ana akumchira alipo 24 ndipo malo m'kalasi yapadera ndi 12, musasankhe 12 otsikitsitsa. Chitani maere. Theka liyambe teremu ino, theka linalo liyambe teremu yamawa, kuti pasakhale womanidwa. Magulu onse awiri adzakwera chifukwa cha kubwerera chapakati, ndipo kusiyana kwa kukwera kwawo ndiko ntchito yeniyeni ya kalasi yapaderayo. Ngati maere sangatheke, pali njira ina yotsika mtengo: sankhani ana pogwiritsa ntchito mayeso amodzi, kenako muwalembetse mayeso ena musanayambe kuwathandiza, ndipo mayeso achiwiriwo ndiwo akhale poyambira kuwerengera. Tsoka limene linawalowetsa m'gululo likhala litatsalira pa mayeso oyamba aja. Azaumoyo amachita zofanana ndi zimenezi: munthu akapezeka kuti magazi ake akuthamanga kwambiri pa muyeso umodzi, amamuyezanso, nthawi zambiri tsiku lina, asanatsimikize kuti ali ndi matendawo.

Ndipo pogawa ana m'magulu a anzeru ndi ofooka, kapena posankha woti alandire thandizo la fizi, mayeso amodzi ndi ochepa. Avereji ya mayeso atatu kapena anayi imafafaniza mwayi wambiri. Kumbukirani ana asanu a mlingo wa 60 amene anapeza 50 m'kalasi yathu ija. Akanakhala kuti malo a sukulu yabwino anagawidwa tsiku lomwelo, iwo akanatsala, malo awo n'kutengedwa ndi ana a pakati amene tsikulo linawakomera.

Inu makolo, lipoti la teremu ino likabwera, funsani kaye malipoti a materemu atatu apitawo muwaike pamodzi musanatenge chikoti kapena kupita kwa sing'anga. Ndipo inu aphunzitsi, tengani buku lanu la malikisi, mulembe maina a ana khumi apamwamba a teremu ino, muone zimene anapeza teremu yatha, kenako mukaonetse anzanu m'chipinda cha aphunzitsi zimene mwapeza.